Disiki Ikadzaza: Kufufuza Chimene Chadya Malo

Disiki ikadzaza, nthawi zambiri simuuzidwa mosabisa kuti yadzaza. Mumangoona kuti kalata imene mwalemba ikukana kusungika, kapena zithunzi za pa foni zikumaimira panjira pozikopera. Nthawi zina mumalemba bwinobwino mawu achinsinsi, sikirini n'kuthima pang'ono, kenako n'kukubwezerani pomwe munayambira ngati simunalembe kanthu. Pa kompyuta za Linux, mukalondola bwino mumapeza mawu akuti `No space left on device`, kutanthauza kuti malo atha.

Chimene ambiri timathamangira kuchita ndi kufufuta zomwe zili pafupi ndi maso. Timachotsa nyimbo zingapo, makalata akale, zithunzi za ukwati wa msuweni, kenako poyang'ananso timapeza kuti palibe chasintha. Chifukwa chake n'chakuti mafayilo amasiyana kukula modabwitsa. Kalata ya masamba awiri mwina siikwana makilobaiti 50, pamene filimu imodzi imatha kudya magigabaiti awiri, omwe ndi malo a makalata otere 40,000. Munthu angathe kutha tsiku lathunthu akufufuta makalata koma osapeza malo ngakhale a filimu imodzi. Choncho ntchito yoyamba ndi kuyeza, ndipo chida chake ndi pulogalamu yosanthula disiki, imene imalowa m'foda iliyonse, kuphatikiza kukula kwa zonse zili m'menemo, n'kukuonetsani kuyambira chachikulu kutsika m'munsi.

Vutoli ndi lakale. M'chaka cha 1990, Ben Shneiderman, mphunzitsi wa za makompyuta pa yunivesite ya Maryland ku America, ankagwiritsa ntchito disiki ya mamegabaiti 80 pamodzi ndi anzake, onse pamodzi anthu 14. Disikiyo inkadzaza kawirikawiri, ndipo zinali zovuta kudziwa amene watenga malo ambiri. Iye anaganiza zojambula disiki yonse ngati munda umodzi wogawidwa ndime, fayilo iliyonse n'kupatsidwa ndime yolingana ndi kukula kwake, kuti yaikulu izioneka yokha popanda kuwerenga nambala. Chojambulacho anachitcha tirimapu, kutanthauza mapu a mtengo, poti mafoda amagawikana ngati nthambi. Mapulogalamu ambiri a lero, monga WinDirStat ya pa Windows ndi GrandPerspective ya pa Mac, amajambula disiki m'njira yomweyo. Ena, monga Baobab ndi Filelight za pa Linux, amakonda kujambula mikombero yozungulirana, foda yaikulu pakati, ana ake kunja. Ine ndimakonda ina yopanda zokongoletsa yotchedwa `ncdu`, imene Yoran Heling anatulutsa koyamba mu 2007. Imangoonetsa mndandanda wa mawu ndi nambala, ndipo imagwira ntchito ngakhale pamene kompyuta yakana kukutsegulirani sikirini yazithunzi ija, yomwenso ndi nthawi imene mumaifuna kwambiri.

Kuti zimveke bwino, ndifotokoza za kompyuta imodzi imene ndinaikonza pa ofesi ina yaing'ono. Inali ndi Ubuntu, disiki yake ya magigabaiti 240, ndipo anthu asanu ankasungapo mafayilo awo a ntchito. Kumbuyo kwake kunali disiki ina yolumikiza ndi chingwe cha USB, imene usiku uliwonse inkalandira kope ya mafayilo onsewo. Mayi amene amayang'anira za ndalama pa ofesipo ndiwo anandiimbira foni.

"Achimwene, tabwerani mudzaione kompyutayi. Ikukana kusunga chilichonse. Ine ndachotsa kale mafayilo ambirimbiri koma palibe chikusintha."

Nditafika sindinayambe ndi pulogalamu yosanthula ija. Ndinayamba ndi lamulo laling'ono la `df`, limene limafunsa disiki yeniyeniyo kuti malo ake ali bwanji.

```
$ df -h /
Filesystem      Size  Used Avail Use% Mounted on
/dev/sda2       219G  204G  3.9G  99% /
```

Mzere umenewu uli ndi zinthu ziwiri zomwe zimasokoneza anthu, ndipo zonsezo si vuto ayi. Choyamba ndi chakuti disiki yolembedwa 240 pa katoni ikuoneka ngati 219. Opanga madisiki amawerengera gigabaiti imodzi ngati mabaiti 1,000,000,000, pamene `df -h` imawerengera 1,073,741,824, muyezo umene mapulogalamu ena amaulemba `GiB`. Mukagawa mabaiti 240,000,000,000 ndi nambala yachiwiriyo mumapeza pafupifupi 223 ndi theka, ndipo zotsalazo zimapita ku kachigawo kodzutsira kompyuta komanso ku kaundula wa disikiyo. Chachiwiri ndi chakuti 204 kuphatikiza 3.9 sizikwana 219. Pakusowa pafupifupi 11. Kasungidwe ka mafayilo ka `ext4`, kamene Ubuntu amagwiritsa ntchito, kamapatula magawo asanu pa zana lililonse kuti akhale a woyang'anira kompyuta yekha, amene amatchedwa `root`. Ili ngati mbewu imene mayi amabisa kudenga kuti ana asaikazinge nthawi ya njala: anthu wamba akadzaza disiki, woyang'anira amakhalabe ndi potembenukira kuti akonze zinthu.

Nambala yofunika kuilemba papepala ndi 204. Imeneyo ndi imene disiki ikunena kuti yadyedwa, ndipo pambuyo pake tidzaiyerekeza ndi imene pulogalamu yosanthula ipeze. Anthu ambiri amadumpha zimenezi, komatu pa kompyuta imeneyi nkhani yonse inagona pamenepo.

Ndinayang'ananso `df -i /`, limene limawerenga mainodi. Fayilo iliyonse, kaya yaikulu kaya yaing'ono, imafuna khadi lake m'kaundula wa disiki, ndipo pa `ext4` chiwerengero cha makhadiwo chimakhazikitsidwa tsiku limene disiki ikukonzedwa koyamba. Pulogalamu ikabereka timafayilo ting'onoting'ono mamiliyoni, makhadi amatha malo akadalipo, ndipo kompyuta imadandaula ndi mawu omwe aja akuti malo atha. Apa makhadi anali ambiri otsala, choncho ndinapitirira.

Pa kompyutayi `ncdu` panalibe, koma poti panali patatsala magigabaiti 3.9, ndinaiika mosavuta ndi `sudo apt install ncdu`. Disiki ikadzaziratu, kuika pulogalamu yatsopano kumatha kukanika. Zikatero, `sudo apt clean` amachotsa mafayilo akale oikira mapulogalamu amene amaunjikana mu `/var/cache/apt/archives`, ndipo nthawi zambiri pamapezeka kampata. Kapena mutha kugwiritsa ntchito `du`, lamulo limene lakhalapo kuyambira m'masiku oyamba a Unix cha m'ma 1971, lomwe limapezeka pa Linux aliyense:

```
sudo du -xh --max-depth=1 / | sort -h
```

Limapereka nambala zomwezo, kungoti muyenera kulilembanso pa foda iliyonse imene mukufuna kulowa. Ubwino wa `ncdu` ndi wakuti imayendera disiki kamodzi, kenako inu mumangolowa ndi kutuluka m'mafoda ndi mabatani a mivi. Ndinaiyambitsa chonchi:

```
sudo ncdu -x /
```

Tizigawo tonse ta lamuloli tili ndi ntchito. `sudo` amaipatsa mphamvu za woyang'anira. Popanda iye, pulogalamuyi imakanizidwa kulowa m'mafoda a anthu ena ndi ena a kompyuta yeniyeniyo, ndipo imangoika chizindikiro cha `!` pambali pa foda yokanizidwayo n'kupitirira, moti chiwonkhetso chake chimakhala chopereweza. `/` ndi tsinde la mafoda onse. Pomwe `-x` amaiuza kuti isawoloke kupita ku disiki ina. Pa Linux madisiki alibe malembo ngati `C:` ndi `D:` a pa Windows. Disiki yachiwiri imalumikizidwa pa foda inayake ya disiki yoyamba, n'kumaoneka ngati nthambi ya mtengo womwewo. Mukaiwala `-x`, pulogalamuyi imawerengera limodzi ndi za pa disiki yakunja, ndipo mumatha kuona magigabaiti 600 pa disiki ya 240.

Patapita mphindi ziwiri kapena zitatu, sikirini inaonetsa izi, ndangodula mizere ya m'munsi:

```
   96.4 GiB [##########] /home
   31.2 GiB [###       ] /var
    8.9 GiB [          ] /usr
    2.0 GiB [          ]  swapfile
    1.6 GiB [          ] /opt
 Total disk usage: 140.5 GiB
```

Powerenga mndandanda wotere, kukula kokha sikunena kanthu. Funso ndi lakuti: kodi chinthu ichi chikuyenera kukhala chachikulu chonchi? Foda ya `/home` ndi imene mumakhala mafayilo a anthu, ndipo magigabaiti 96 pa anthu asanu sizodabwitsa. `/usr` ndi mosungira mapulogalamu, ndipo 9 ndi mlingo wabwinobwino. M'menemo musamagwiremo ndi dzanja, chifukwa mukafuna kuchepetsa muyenera kuchotsa pulogalamu yonse kudzera pa `apt`. Fayilo ya `swapfile` ndi malo amene kompyuta imakhuthulirako zinthu memole ikachepa, ndipo imasiyidwa momwemo. Koma `/var` ya magigabaiti 31 pa kompyuta ya mu ofesi yaing'ono inandiimika mutu. Ngakhale ili yachiwiri pa mndandanda, ndiyo ndinayamba kulowa.

M'kati mwake, `/var/log` inali ndi 22.6. M'menemu ndi momwe kompyuta imalemba zochitika zake za tsiku ndi tsiku: nthawi imene yayatsidwa, chipangizo chimene chalumikizidwa, cholakwika chimene chaoneka. Mwa masiku onse mafayilo ake amakhala a mamegabaiti ochepa. Apa zinali chonchi:

```
    9.2 GiB [##########]  syslog
    9.1 GiB [######### ]  kern.log
    4.0 GiB [####      ] /journal
```

Mafayilo awiri oyambawo kukhala ofanana kukula ndi chizindikiro chakuti uthenga umodzi ukulembedwa konsekonse, ndipo ukuchokera ku mtima wa Linux, umene akatswiri amautcha kenelo. Fayilo ya magigabaiti 9 siitsegulidwa ndi pulogalamu yolembera makalata, ingakomole kompyuta. Mumangosuzumira kumchira kwake ndi `sudo tail -n 20 /var/log/kern.log`. Mizere yonse 20 inali kubwereza nkhani imodzi, yokhala ndi mawu akuti `PCIe Bus Error: severity=Corrected`. Kakhadi ka Wi-Fi kanali kusemphana ndi bolodi yaikulu ya kompyuta, cholakwikacho chinkakonzeka chokha, koma ulendo uliwonse kenelo inkachilemba, kambirimbiri pa sekondi imodzi, usana ndi usiku. Poti kompyutayo inali pa netiweki ya chingwe ndipo Wi-Fi sankamugwiritsa ntchito, pambuyo pake titaizimitsa tinangozula kakhadiko, phokoso n'kutha. Ndikanangochotsa mafayilo osazula gwero lake, akanandiimbiranso sabata yamawa.

Pa `ncdu` pali batani la `d`, lofufutira chinthu chimene mwaloza. Limafunsa kamodzi kokha ngati mwatsimikiza, ndipo chimene chapita sichidzera m'bini ayi, chimapitiratu. Pa mafayilo awiriwa sindinalikhudze, ndipo chifukwa chake n'chofunika kuchimvetsa. Pa Linux, kufufuta fayilo ndi kuchotsa dzina lake m'foda basi. Ngati pali pulogalamu imene yaitsegula fayiloyo, zam'kati mwake zimakhalabe pa disiki mpaka pulogalamuyo itaisiya. Mafayilo a `syslog` ndi `kern.log` amakhala otsegulidwa nthawi zonse ndi pulogalamu yotchedwa `rsyslogd`. Mukawafufuta, dzina limasowa pa mndandanda, `ncdu` sangawaonenso, koma malo sabwerera, ndipo `rsyslogd` amapitiriza kulemba m'fayilo yopanda dzinayo. Njira yabwino ndi kukhuthula zam'kati n'kusiya chotengera chake:

```
sudo truncate -s 0 /var/log/syslog /var/log/kern.log
sudo journalctl --vacuum-size=200M
```

Lamulo lachiwirilo ndi la foda ya `journal`, momwe pulogalamu ina imasunga zochitika zomwezo mwa njira yakeyake. Imeneyi ili ndi malire ake, gawo limodzi mwa magawo khumi a disiki koma osapyola magigabaiti anayi, n'chifukwa chake inaima pa 4.0 ndendende. Lamuloli limataya zakale n'kusiya mamegabaiti pafupifupi 200 atsopano. Malamulo awiriwa anabweza magigabaiti 22.

Kenako ndinalowa mu `/home`. Foda ya ofesi yonse inali ndi 63, ndipo zotsalazo zinali za munthu payekhapayekha. M'foda ya mayi aja munali `.local/share/Trash` ya magigabaiti 7.5. Dzina loyamba ndi kadontho limabisika pa pulogalamu yoonera mafayilo, koma `ncdu` amaonetsa zonse. Umo ndi momwe munathera mafayilo onse amene anakhala akufufuta m'mawa wonse. Kuponya fayilo m'bini ndi kungoisamutsira m'foda ina pa disiki yomweyo.

"Mayi, zimene munachotsa zija zonse zili m'bini umu. Taziyang'anani kaye, ngati mulibe chofunika mukhuthule nokha."

"Aa, ndiye ndimangosesera zinyalala kuseri kwa chitseko eti?"

Anaseka, anayang'ana, napulumutsamo malisiti awiri amene anawataya mwa phuma, kenako anakhuthula. Ndimaumirira kuti mwini wake achite yekha zimenezi. Pulogalamu imadziwa kukula kwa fayilo, koma siidziwa kuti vidiyo ya magigabaiti atatu ija ndi ya maliro a bambo a munthu ndipo palibenso kope ina.

Apa munthu akanatha kunyamula chikwama n'kumapita. Malo pafupifupi magigabaiti 30 anali atabwerera ndipo kompyuta inali kusunga mafayilo bwinobwino. Koma papepala langa panali nambala ziwiri zosagwirizana. Disiki inati 204, pulogalamu yosanthula inapeza 140.5. Pakati pake panali magigabaiti 63 ndi theka amene palibe amene anawaona.

Nambala ziwirizi zimachokera ku njira ziwiri zosiyana zowerengera. `df` sayang'ana mafayilo. Amangofunsa kaundula wa disiki kuti ndi timagawo tingati tomwe tatengedwa. `ncdu`, mofanana ndi `du` ndi Baobab, amayenda foda ndi foda n'kuphatikiza zimene wazipeza ndi dzina. Zili ngati mwini golosale amene akuyerekeza buku la katundu ndi zimene wawerenga pa mashelefu. Kusiyana kwa gigabaiti imodzi kapena ziwiri n'kwachibadwa. Kusiyana kwa 63 kumatanthauza kuti pali katundu amene ali m'nyumbamo koma sali pa shelefu iliyonse yooneka.

Zoyambitsa zake zodziwika ndi zitatu. Choyamba ndi kuiwala `sudo`, zomwe sindinachite. Chachiwiri ndi mafayilo ofufutidwa koma otsegulidwabe aja, ndipo amapezeka ndi lamulo ili:

```
sudo lsof +L1
```

Limandandalika mafayilo amene ali otsegula koma alibenso dzina, pamodzi ndi kukula kwawo ndi pulogalamu imene yawagwira. Mukapeza yaikulu, mumatseka pulogalamuyo n'kuiyambitsanso, kapena kuyambitsanso kompyuta yonse, ndipo malo amabwerera nthawi yomweyo. Apa linangoonetsa tinthu ta mamegabaiti ochepa. Ndinagwira njakata kwa kanthawi, mpaka pamene maso anagwera pa nambala ija ya foda ya ofesi. Inali 63, yofanana ndi imene inkasowa.

Ndinabwerera pa `ncdu` n'kulowa mu `/mnt`. Munali foda imodzi, `bakapu`, yoonetsa kukula kwa 0, pambali pake pali chizindikiro cha `>`, kutanthauza kuti apa pali disiki ina ndipo pulogalamu sinalowemo. Imeneyo ndi foda imene disiki yakunja imalumikizidwa. Chachitatu chija ndi ichi: foda yolumikizirapo disiki ndi foda wamba ya pa disiki yoyamba. Disiki yakunja ikakhala palibe, chilichonse chimene mwalemba mu `/mnt/bakapu` chimagwera pa disiki ya m'kati. Disiki yakunja ikadzalumikizidwanso, imakhala pamwamba pake ngati mphasa yoyalidwa pa nkhuti, ndipo zapansizo sizionekanso. Sizifufutika, zikudyabe malo, koma palibe njira yozifikira ndi dzina, ngakhale kwa woyang'anira.

Ndinafunsa mnyamata amene amatsegula ofesi m'mawa ngati disiki yakunja inachotsedwapo posachedwapa.

"Kuchotsa ayi bwana. Kungoti sabata yatha magetsi atathima, atayakanso kompyuta inadzuka koma kagetsi ka disikiyo sikanayake. Ndinadzaona Lolemba, n'kukankhira bwino pulagi yake, kenako ndinazimitsa kompyuta n'kuyatsanso."

Nkhani inamveka. Lachisanu kompyuta inadzuka popanda disiki yakunja. Usiku, pulogalamu yokopera ya `rsync` inagwira ntchito yake mokhulupirika: inapeza foda ya `/mnt/bakapu` ilipo koma ili mbee, ndipo inakopera mafayilo onse a ofesi m'menemo, pa disiki yomweyo imene amachokera. Lolemba disiki yakunja inabwerera n'kuvundikira zonse.

Kuti muone zapansi pa mphasa pali njira ziwiri. Mutha kumasula disiki yakunja ndi `umount` n'kuyang'ana m'fodamo. Ngati simukufuna kusokoneza ntchito, mutha kutsegula khomo lachiwiri lolowera pa disiki yoyamba, limene silionetsa madisiki olumikizidwa pamwamba pake:

```
sudo mkdir /tmp/tsinde
sudo mount --bind / /tmp/tsinde
sudo ncdu /tmp/tsinde/mnt
```

Ulendo uno `bakapu` inaonetsa 63.2 GiB. Ndinayang'ana madeti a mafoda ake ndipo anagwirizana ndi zimene mnyamata uja ananena. Ndisanafufute ndinatsimikiza zinthu ziwiri: kuti mafayilo enieni akadali mu `/home`, ndiponso kuti disiki yakunja yalandira kope yatsopano usiku wathawo. Ndinafunsanso ngati pali wina amene anataya fayilo m'masiku amenewo yomwe angaifune, poti kope yobisikayi ikanatha kukhala yokhayo yotsala. Panalibe. Pamenepo ndinagwiritsa ntchito batani la `d` pa zam'kati mwa `bakapu`, n'kusiya foda yakeyo, ndikuwerenga kawiri mzere wa pamwamba pa sikirini kuti ndione kuti ndili mu `/tmp/tsinde/mnt/bakapu`, osati mu `/mnt/bakapu` momwe muli kope yeniyeni.

Khomo lachiwirili lili ndi ngozi yake. `/tmp/tsinde` si kope ya disiki, ndi disiki yeniyeniyo. Munthu amene angaganize kuti akuchotsa foda yongoyembekezera n'kuifufuta pamodzi ndi zam'kati mwake, wafufuta kompyuta yonse. Mukamaliza, litsekeni motere, poti `rmdir` amakana kuchotsa foda yomwe muli zinthu:

```
sudo umount /tmp/tsinde
sudo rmdir /tmp/tsinde
```

Pali zina zing'onozing'ono zimene zimapangitsa nambala za pulogalamu yosanthula kusiyana ndi zomwe mukuyembekeza, ndipo ndi bwino kuzidziwa kuti zisakuzunguzeni. Disiki imagawa malo m'timagawo, kawirikawiri ta mabaiti 4,096, ndipo fayilo ya mabaiti khumi imadya kagawo kathunthu. Foda ya timafayilo 100,000 totere imadya mamegabaiti 400 ngakhale zolembedwamo zikungokwana megabaiti imodzi. Mbali inayi, pali mafayilo amphako, monga madisiki a makompyuta ongoyerekeza, amene amadzitcha a magigabaiti 50 koma pa disiki akudya asanu okha. Batani la `a` pa `ncdu` limasinthanitsa pakati pa kukula kodzinenera ndi malo enieni odyedwa, ndipo disiki ikadzaza ofunika ndi achiwiriwo. Chizindikiro cha `H` chimasonyeza fayilo imodzi yokhala ndi maina angapo m'mafoda osiyana. Kufufuta dzina limodzi sikubweza malo mpaka maina onse atapita.

Pa Windows kaganizidwe n'komweko. Yambani mwaona nambala ya malo odyedwa pa disiki ya `C:`, kenako tsegulani WinDirStat kapena WizTree ndi mphamvu za woyang'anira, n'kuyerekeza. WizTree imafulumira kwambiri chifukwa imawerenga kaundula wamkulu wa disiki mwachindunji m'malo moyendera foda ndi foda. Mabokosi akuluakulu amene mudzaone pa mapu, `pagefile.sys` ndi `hiberfil.sys`, ndi a Windows mwini wake ndipo safufutidwa ndi dzanja. Foda ya `WinSxS` nayo imaoneka yonenepa kuposa mmene ilili chifukwa cha mafayilo a maina angapo aja, ndipo imachepetsedwa ndi zida za Windows zoyeretsera disiki basi.

Pa ofesi paja chinatsala ndi kutseka mpata kuti kope isadzagwerenso pansi. Lamulo lokopera usiku ndinaliwonjezera kafunso kumayambiriro, kuti lizitsimikiza kaye ngati pa fodayo palidi disiki, ndipo ngati palibe lisachite kanthu:

```
mountpoint -q /mnt/bakapu && rsync -a /home/ofesi/ /mnt/bakapu/ofesi/
```

Izi zili ndi vuto lake lakuti disiki ikasowa, kukopera kumangolekeka mwakachetechete, choncho ndinapempha mnyamata uja kuti m'mawa uliwonse potsegula mawindo aziyang'ananso kagetsi kaja. Kenako ndinalembanso `df -h /`. Malo odyedwa anali 111G, otsala 97G, ndipo `Use%` inatsika kufika pa 54%. Nditayendetsanso `ncdu` komaliza, chiwonkhetso chake chinali 110.9 GiB.